Mwalipira ndi khadi, katundu sanafike: banki ifuna umboni wanji?

Ndalama yachoka mu akaunti, katundu sakuoneka, wogulitsa wasiya kuyankha. Ambiri amangoti zapita basi. Komatu ngati munalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, banki yanu ingathe kuitanitsa ndalamayo kubanki ya wogulitsayo. Pa fomu yake mupezapo mawu akuti chargeback kapena dispute. Njirayi ndi ya malipiro a pakhadi okha. Ndalama imene mwatumizira munthu pa Airtel Money kapena Mpamba sibwerera mwanjira imeneyi.

Tiyerekeze kuti pa 3 Malichi munagula foni ya K450,000 pa intaneti, ndipo wogulitsa analonjeza kuti ifika pa 24 Malichi. Tsikulo lisanakwane musathamangire kubanki, akubwezani. Likadutsa, yambani mwamulembera wogulitsayo imelo yopempha foniyo kapena ndalama yanu. Musangomuimbira, chifukwa zokambirana pakamwa sizisiya umboni, chonsecho banki idzafuna kuona kuti munayesa kaye kuthana naye.

Akakana kapena akangoti zii, pitani kubanki imene inakupatsani khadilo. Pa katundu wosafika, malamulo a Visa amapereka masiku 120 kuchokera pa tsiku limene munkamuyembekezera. Pa foni ija, malire ndi 22 Julayi. Koma musadikire Julayi, poti banki nayo imafuna nthawi yokonza mapepala masikuwo asanathe.

Tengani zinthu zinayi. Choyamba ndi sitetimenti yoonetsa tsiku, ndalama ndi dzina la wogulitsa. Chachiwiri ndi imelo yotsimikiza kuti munagula chiyani ndipo chifika liti. Chachitatu ndi makalata onse amene munamulembera, pamodzi ndi mayankho ake. Chomaliza ndi nambala yolondolera phukusi, komanso chithunzi cha tsamba loonetsa kuti silinaperekedwe kwa inu. Mukapereka fomu, pemphani nambala ya dandaulo lanu.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa chifukwa chimene amalemba. Ena amati “sindinagule ndine” poganiza kuti zifulumira. Koma ngati munalowetsa nambala yachinsinsi ija banki imatumiza pafoni, umboni ulipo woti munavomereza nokha, ndipo dandaulo ligwa. Lembani zoona: ndinagula, sindinalandire.

Wogulitsa nayenso amapatsidwa mpata woyankha. Akaonetsa kuti phukusi linafika pa adiresi yanu ndipo wina analisainira, banki ikufunsani kuti mufotokoze. Ndipo ngati foniyo inalowa m'dziko koma yagwidwa ku MRA kudikira msonkho, imeneyo si nkhani yobwezetsa ndalama. Kalipireni msonkhowo.

Yankho limatha kutenga milungu ingapo. Banki ikangokhala osayankha, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, mutatenga nambala ija ndi makope a zonse munapereka.