Musadye chiwongoladzanja chonse, chisiyeni chibereke

Amayi anzanga, tsiku logawana ndalama za banki mkhonde likafika, ambirife timatenga zonse, mpamba ndi phindu lomwe, n'kukayambiranso pansi chaka chinacho. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikutidyera ndalama zomwe zikanadzatigulira mankhwala paukalamba.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti amayi awiri asunga K100,000 aliyense, pamalo pomwe amapereka K10 pa K100 iliyonse pachaka. Woyamba amakatapa K10,000 yake chaka chilichonse, choncho ndalama yomwe imabereka ndi K100,000 yomwe ija basi. Pakatha zaka 20, akaphatikiza zonse zomwe walandira ndi mpamba wake, apeza K300,000.

Wachiwiri sakhudza kanthu. Chaka choyamba chikatha ali ndi K110,000. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja chiwerengedwa pa K110,000, ndiye alandira K11,000, zonse zikwana K121,000. Chaka chachitatu alandira K12,100. Zili ngati mbuzi: mukamagulitsa ana ake onse, m'khola mukhala mbuzi imodzi mpaka kalekale, koma mukawasiya, nawonso adzabereka.

Poyamba kusiyana kwake n'kochepa, n'chifukwa chake ambiri amagwa ulesi. Pakatha zaka 10, woyamba amakhala atapeza K200,000, wachiwiri pafupifupi K259,000. Koma pofika zaka 20, wachiwiri ali ndi ndalama zoposa K672,000, kuposa kawiri za mnzake. Chomwe chagwira ntchito apa ndi nthawi.

Ndisakunamizeni, pali choti musamale nacho. Mitengo ya zinthu ikamakwera mofulumira kuposa chiwongoladzanja, ndalama zimachuluka m'buku koma zimagula zochepa. Tonse tidaona momwe zinthu zidakwerera kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 2023. Ndiye musanasunge ku banki kapena ku SACCO, funsani kuti amapereka zingati pachaka, amadula zingati pamwezi, komanso ngati chiwongoladzanjacho amachiwonjezera pa mpamba wanu. Mungathe kudziwanso nokha poyang'ana m'buku. Ngati simunatape kanthu koma chiwongoladzanja chikungokhala chimodzimodzi chaka ndi chaka, ndiye kuti sichikubereka.

Kumbukiraninso kuti masamu omwewa ndi amene amamiza anthu a ngongole. Wobwereketsa akamawonjezera chiwongoladzanja chomwe mwalephera kulipira pa ngongole yanu mwezi ndi mwezi, ngongoleyo imakula mofanana, koma wopindula ndi iyeyo.

Ndikudziwa kuti fizi ndi feteleza sizidikira, ndipo sindikunena kuti ana agone ndi njala. Pempho langa n'lakuti pogawana chaka chino, mupatule gawo lina, ngakhale lochepa, mulibwezere pamodzi ndi phindu lake, ndipo chaka chamawa mudzachitenso chimodzimodzi. Mukakambirane zimenezi pa msonkhano wanu wa Amayi Achikatolika tsiku logawana lisanafike, chifukwa ndalama ikafika m'manja sichedwa kupeza ntchito.