Mphindi imodzi si ulaliki

Inu a tomato ndi kabichi pa Bvumbwe, mukafuna kulengeza malonda pa wailesi dziwani kuti mukugula nthawi. Mphindi imodzi ndi masekondi 60, palibe basela.

Ine polemba ndimagawa chonchi. Masekondi 5 oyamba ndi 5 omaliza nga kanyimbo. Pa 50 otsalawo, yambani mwapatula 15 a nambala ya foni, poti manambala 10 aja ofunika kuwatchula mofatsa, kawiri. Apa mpamene ambiri amagwa nayo.

Mwatsala ndi 35, ndipo mmenemo mumalowa mau ngati 55 basi, chifukwa mau athu a Chichewa ngaatali. Ndiye za "okondedwa makasitomala athu tikukudziwitsani" zija dulani. Yambani ndi katundu: "Tomato wothyola lero, pa Bvumbwe!" Kenaka nenani pamene pali benchi lanu munthu akatsika minibasi yochokera ku Limbe. Mtengo wa dengu usiyeni ngati malondawo aziulutsidwa mwezi wathunthu, tomato sagona pa mtengo umodzi.

Mukatha werengani mokweza, mnzanu atagwira wotchi. Chamumtima chimanamiza. Nthawi ikapyola, musathamangitse lilime ngati kondakitala wa ku Thyolo ayi. Chotsani chiganizo chimodzi, muwerengenso.