Nyumba yopanda munthu silipira renda

Eni nyumba anzanga a kuno ku Ulongwe, nanenso ndili ndi zipinda zitatu za renda, ndipo simenti ndi malata zandikwerera monga zakwerera inu. Koma ganizo lakuti tonse tikweze cipinda kucoka pa metikali 1000 kufika pa 1500 pamwezi ndikulikana.

Amene amagona m'zipinda zathu ndani? Ambiri ndi amayi ogulitsa kacewere ndi kabici ku Lizulu, ndi anyamata a njinga onyamula katundu pamalire. Makasitomala awo ndi a ku Malawi, amalipira makwacha, pamene ife timafuna metikali. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndiye kuti mayi amene ankasintha makwacha ake n'kutilipira 1000 anayenera kupeza makwacha ena pafupifupi theka kuti akwanitse renda yomweyo. Kwa iye renda inakwera kale, ife tisanatsegule pakamwa. Kenako cilala ca 2024 cinakweza cimanga. Lero tikufuna kumusenzetsa mtolo wacitatu?

Ngati cifundo sicikukhudzani, tiyeni tiwerengere. Munthu wolipira 1000 mwezi ndi mwezi amakupatsani 12.000 pacaka. Mukakweza, iye acoka, abwerera kumudzi. Cipinda cikhala miyezi inayi cotseka, ciswe cikudya citseko, ndipo wobwerayo alipira 1500 kwa miyezi isanu ndi itatu. Ndi 12.000 yomweyo! Apo simunacotsepo laimu ndi loko yatsopano, ndiponso simudziwa ngati mlendoyo sadzathawa usiku ndi ngongole. Mwataya munthu wodziwika, phindu palibe.

Ena mwanena kuti nyumba si calici, munamanga ndi thukuta lanu. N'zoona, ndipo sindikuti anthu agone ulere. Koma thukutalo likupatseni ufulu wozula citseko ca munthu, kapena kuponya mphasa ndi miphika yake pabwalo mvula ikugwa, cifukwa wacedwa masabata awiri? Ana amene ananyowa tsiku limenelo amaphunzira kalasi imodzi ndi ana athu. Tikadzagwa m'maliro, okumba manda adzakhala omwewo.

Ndikupempha tigwirizane zinthu zitatu. Renda isakwere mpaka anthu atakolola ndi kugulitsa. Wofuna kukweza pambuyo pake anene miyezi itatu isanakwane, ndipo ayambe wakonza denga lodontha ndi cimbudzi. Wobwereka amene wagwa m'ngongole tikhale naye pansi pamaso pa sekeletale wa bairu kapena amfumu, tilembe pepala, alipire pang'onopang'ono, ngakhale ndi thumba la cimanga kapena la nyemba pa mtengo wa pamsika.

Amene mukuvomera kuti 1000 ikhale mpaka kukolola, kwezani manja, alembi awerenge. Langa ili, ndakweza kale.