Msonkho pa thumba la simenti: amaulipira ndani?

Boma likangolengeza msonkho watsopano, nyimbo ya m'minibasi ndi pa mapologalamu oimbira foni pa wailesi imakhala imodzi: wamalonda salipira msonkho, amangouwonjezera wonse pa mtengo, basi wogula n'kumalira. Amanena motsimikiza ngati anawerengera okha. Koma sizoona, ndipo funso limodzi lokha la m'kalasi la zachuma, lija ophunzira amalijambula pa foni n'kumatumizirana usiku mayeso akayandikira, limakwanira kuthetsa mkanganowu.

Chithunzicho chimakhala ndi mizere iwiri yopingasana. Mitengo imalembedwa m'mbali, chokwera. Kuchuluka kwa katundu kumalembedwa m'munsi. Mzere wotsetsereka ndi wa ogula, chifukwa mtengo ukakwera amagula zochepa. Wokwera ndi wa ogulitsa. Tiyerekeze kuti katundu wake ndi simenti, P ndi mtengo wa thumba m'zikwi za makwacha, ndipo funso lapereka Qd = 100 − 2P kwa ogula ndi Qs = −20 + 4P kwa ogulitsa. Pamene mizere yakumana m'pamene matumba ofunidwa alingana ndi matumba obwera pamsika. Tikafananitsa ziwirizo timapeza 120 = 6P, kutanthauza K20,000 pa thumba, ndipo matumba ogulidwa ndi 60.

Tsono boma laika msonkho wa K6,000 pa thumba, wotolera kwa wogulitsa. Anzathu a m'minibasi aja akuti mtengo ufika K26,000. Tiyeni tiwamvere kaye. Pa mtengo umenewo ogula angotenga matumba 48, pamene ogulitsa, poti m'thumba mwawo mukutsalabe K20,000, abweretsa matumba 60 monga kale. Matumba 12 atsala m'sitolo, ndipo simenti ikakhalitsa imauma. Wina ayenera kutsitsa mtengo.

Kuwerengera koyenera kumayamba ndi kukumbukira kuti wogulitsa amayang'ana ndalama imene yamutsalira, osati imene wogula wapereka. Choncho pamalo pa P timalemba P − 6, ndipo mzere wake umakhala Qs = −44 + 4P. Tikaufananitsa ndi wa ogula timapeza K24,000 pa thumba, matumba 52. Wogula wawonjezera K4,000. Wogulitsa akapereka msonkho amatsala ndi K18,000, ndiye kuti K2,000 yachoka m'thumba mwake. Boma latolera K312,000. Palinso matumba 8 amene akadagulidwa koma sanagulidwe. Phindu lotayika pamenepo ndi kachigawo ka ngodya zitatu kaja ka pakati pa mizere, theka la 6 kuchulukitsa ndi 8, komwe ndi K24,000. Ndalama imeneyi sipita kwa aliyense, ngakhale ku MRA.

Ophunzira ambiri amagwa pa chizindikiro: amalemba P + 6. Yankho limatuluka K16,000 ndi matumba 68, ngati kuti msonkho watsitsa mtengo n'kuchulukitsa malonda. Ukaona zotere, bwerera. Ena amayeza msonkho chopingasa pa chithunzi, pomwe mzere wa ogulitsa umasunthira m'mwamba ndi K6,000, ndipo mpata wake umayezedwa choimirira. Chithunzi chojambulidwa mopendeka, manambala a m'mbali atadulidwa, chimanamiza maso. Ndi bwino kutenga malo awiri owerengeka bwino pa mzere uliwonse n'kuonetsetsa ngati akugwirizana ndi masamu.

Kodi a mbali inayo alibiretu mfundo? Ali nayo, ingoti amaikokera patali. Mu chitsanzo chathu chomwechi wogula wasenza magawo awiri mwa atatu a msonkho, chifukwa mtengo ukasintha ndi K1,000 iye amangosintha matumba 2, pamene wogulitsa amasintha 4. Amene alibe kothawira ndiye amasenza gawo lalikulu. Pa mchere, umene munthu amagula ndithu ngakhale ukwere, mzere wa ogula umakhala pafupifupi woimirira, ndipo msonkho pafupifupi wonse umagwera iye. Pa mafuta a galimoto nkhani yake ndi inanso, chifukwa mtengo amalengeza ndi a MERA ndipo misonkho imakhala m'kati mwa mtengowo; mizere iwiri ija sipatsidwa mpata wokumana yokha.

Koma mchere ndi petulo si msika wonse. Womanga nyumba akhoza kuimitsa ntchito mpaka chaka chamawa, ndipo wogulitsa amadziwa zimenezo. Chodabwitsa china, chimene okuwa pa wailesi sachifuna n'komwe, n'chakuti boma likanati litolere K6,000 ija kwa wogula pakhomo la sitolo, palibe chikanasintha: Qd = 100 − 2(P + 6) imapereka K18,000 kwa wogulitsa, K24,000 yochoka kwa wogula, ndi matumba 52 omwe aja.