Mwana akati "ndamaliza" nthawi isanakwane

Mphunzitsi wa Sitandade 6 walemba masamu khumi pa bolodi, wasasa choko m'manja, ndipo akuyembekeza kuti kalasi ikhala duu kwa mphindi 20. Pasanathe mphindi zisanu dzanja lakwera kale: "Madamu, ndamaliza." Mphunzitsi akachonga kope la mwanayo, mayankho onse ndi olondola. Ana ena 80 akadali pa samu yachitatu, ndipo belu lidakali kutali.

Pamenepa aphunzitsi ambiri amachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Ena amamuonjezera mwanayo masamu ena khumi ofanana ndi oyamba aja. Ena amamuuza kuti akathandize anzake amene akuvutika, kapena azilemba maina a olongolola. Enanso amangoti, "Bwereza, uone ngati sunalakwitse," ngakhale achonga kale ndi kuona kuti palibe cholakwa. Palibe amachita zimenezi ndi mtima woipa. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi a m'Malawi adzaza kotero kuti maso a mphunzitsi amathera pa ana amene atsalira.

Koma mwana wochenjera sachedwa kuona kuti kufulumira kumamubweretsera ntchito yowirikiza. Akazindikira zimenezi amayamba kuzengereza dala, kujambula magalimoto kumapeto kwa kope, kapena kutsina mnzake wapafupi. Telemu ikamatha, amene ankakweza dzanja poyamba uja ndiye akutchedwa wamwano. Kumusandutsa mphunzitsi wamng'ono nakonso kuli ndi malire ake. Mwana amene amangoona yankho m'mutu nthawi zambiri satha kufotokoza njira, choncho amangowauza anzake mayankho, ndipo anzakewo amayamba kumuda. Kamodzikamodzi kuthandiza ena kumamupindulitsa, koma zikakhala za tsiku ndi tsiku ndiye kuti iyeyo wabwera kusukulu osaphunzira kanthu katsopano.

Asanapatsidwe china chilichonse, mphunzitsi ayenera kutsimikiza kuti mwanayo wamvetsadi, chifukwa kumaliza msanga ndi kumvetsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali ana amene amathamanga chifukwa analoweza njira, ndipo funso likangotembenuzidwa pang'ono amasokonezeka. Njira ina yoyesera, imene anaitchukitsa mphunzitsi wa ku America Susan Winebrenner, ndi yoyambira pa zovuta. Mphunzitsi amasankha mafunso asanu ovuta kwambiri pa ntchito ya tsikulo n'kulengeza kuti aliyense wofuna akhoza kuyamba ndi amenewo. Wokhoza anayi mwa asanuwo, ndipo walemba njira yooneka bwino, salembanso otsalawo. Mwayiwu umaperekedwa kwa kalasi yonse, osati kwa mwana mmodzi wodziwika, ndipo nthawi zina amene amakhoza ndi mtsikana wofatsa wa kumbuyo amene palibe ankamuganizira.

Aphunzitsi ena amaopa kuti mwana akadumpha masamu adzagwa pa mayeso. Kafukufuku amene Sally Reis ndi anzake a ku yunivesite ya Connecticut anatulutsa mu 1993 anaonetsa kuti aphunzitsi a pulaimale anatha kuchotsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti ya ntchito ya m'kalasi kwa ana anzeru kwambiri, popeza anali ataidziwa kale, koma kakhozedwe ka anawo sikanatsike. Chimene chimachotsedwa ndi kubwereza zinthu zodziwika kale. Nthawi imene yapulumutsidwayo ndiyo imafunika ntchito yabwino.

Ntchito yabwinoyo imachokera pa phunziro lomwelo limene kalasi ikuchita, koma imafunsa funso lozama. Tiyerekeze kuti sabata ino ana akuphunzira kupeza mtunda wozungulira malo a ngodya zinayi ndi kukula kwa malowo. Masamu a pa bolodi amapereka mulitali ndi mulifupi, mwana n'kuwerengera. Kwa womaliza msanga uja, mphunzitsi atembenuze funsolo pa kapepala: "Agogo ali ndi waya wa mpanda wotalika mamita 24. Akufuna kumanga khola la nkhuku la ngodya zinayi. Alimange motani kuti nkhuku zikhale ndi malo aakulu koposa?" Amupatse timitengo 24 tofanana, kapena machesi, kamtengo kalikonse kuimira mita imodzi.

Ana ambiri, ngakhale anzeru, amayamba ndi kunena kuti malowo akhala chimodzimodzi popeza waya ndi yemweyo. Timitengo timawatsutsa. Khola la mita 1 mulifupi ndi mamita 11 mulitali limapereka masikweya mita 11. La 2 ndi 10 limapereka 20, la 3 ndi 9 limapereka 27, la 4 ndi 8 limapereka 32, la 5 ndi 7 limapereka 35, ndipo la 6 ndi 6 limapereka 36. Waya sanasinthe, koma malo a nkhuku akula kupitirira katatu. Mwana amene wangoyesa makola awiri kapena atatu n'kuthamangira kunena yankho abwezedwe ndi funso limodzi: "Ukudziwa bwanji kuti palibe lina loposa limeneli?" Kuti ayankhe, ayenera kundandalika makola onse mwadongosolo, ndipo luso limeneli ndi limene ana othamanga ambiri alibe.

Mndandanda ukatha, funso lachiwiri n'lakuti khola lililonse likuchepa ndi zingati poyerekeza ndi lalikulu lija. La 5 ndi 7 likuchepa ndi 1, la 4 ndi 8 ndi 4, la 3 ndi 9 ndi 9, kenako 16, kenako 25. Mphunzitsi asanene kanthu apa, ngakhale pakamwa pakuyabwa. Mwana akazindikira yekha kuti manambalawa ndi 1 kuchulukitsa ndi 1, 2 kuchulukitsa ndi 2, 3 kuchulukitsa ndi 3, nkhope yake imasintha, ndipo wakhudza kale mfundo imene adzakumane nayo ku sekondale mu aljebra. Kenaka alosere asanayale timitengo: waya akakhala mamita 40, khola lalikulu koposa likhala lotani? Yankho ndi la 10 ndi 10, masikweya mita 100. Nanga akakhala mamita 26? Apa la 6 ndi 7 limapereka 42, koma mwana wolimba mtima adzafunsa ngati n'kololedwa kuthyola kamtengo pakati. N'kololedwa, ndipo mbali zinayi za mamita 6.5 zimapereka 42.25.

Gawo lokoma koposa limabwera tsiku lotsatira. Agogo aja aganiza zogwiritsa ntchito khoma la nyumba ngati mbali imodzi ya khola, choncho waya wa mamita 24 uja atchinga mbali zitatu zokha. Mwana amene dzulo anapeza kuti mbali zofanana ndizo zimapambana amayankha mosaganiza kawiri kuti mbali iliyonse ikhale mamita 8, malo akhale 64. Walakwa, ndipo n'zabwino kuti walakwa. Akandandalikanso adzapeza kuti mamita 5 kuchoka pa khoma ndi 14 motsata khoma amapereka 70, mamita 6 ndi 12 amapereka 72, ndipo 7 ndi 10 amabwereranso pa 70. Lalikulu ndi la 6 ndi 12. Akafunsa chifukwa chake, angathe kuuzidwa kuti ajambule khola lina lofanana kuseri kwa khomalo. Makola awiriwo pamodzi amapanga bwalo la 12 ndi 12 lotchingidwa ndi waya wa mamita 48, ndipo theka la 144 ndi 72. Lamulo la dzulo silinaname, linangofunika kuligwiritsa ntchito mosamala.

Kulakwa kotereku n'kofunika kwambiri kwa mwana amene wakhala akukhoza zonse chiyambire Sitandade 1. Ana otere akafika pa sukulu imene onse ndi osankhidwa, kapena akakumana ndi phunziro lolimba ku Fomu 3, ena amagwa mphwayi chifukwa sanazolowere kukhala ndi funso kwa mphindi khumi osaona potulukira. Ndi bwino aphunzire zimenezi pa timitengo ta khola la nkhuku, mphunzitsi ali pafupi.

Nkhani yodziwika ya Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany wobadwa mu 1777, imakambidwa mosiyanasiyana, koma kawirikawiri amati mphunzitsi wake Büttner anauza kalasi kuti iphatikize manambala onse kuyambira 1 mpaka 100, ndipo mnyamatayo anapereka 5050 nthawi yomweyo, ataona kuti 1 ndi 100, 2 ndi 99, 3 ndi 98 zonse zimapereka 101, ndipo mapeyala otere alipo 50. Anthu amakonda kuthera pamenepo, koma gawo lothandiza aphunzitsi ndi lotsatira. Büttner anamupezera mwanayo buku la masamu lozamirapo, ndipo wothandizira wake, Martin Bartels, amene anali mnyamata nayenso, anayamba kuwerenga naye limodzi. Pa sukulu ya kwathu kuno, Bartels akhoza kukhala mphunzitsi wa Sitandade 8 amene amakonda masamu, wopatsidwa mphindi 15 pa sabata kuti aone kope la mwanayo.

Mphunzitsi wa ana 80 sangakonze ntchito yapadera tsiku lililonse, ndipo sakufunikanso kutero. Funso la khola lija lokha limakwana sabata yathunthu, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku. Mafunso otere okwana khumi, olembedwa pa makatoni odulidwa n'kusungidwa m'bokosi la choko, amakwana telemu yonse, ndipo chaka chamawa adzagwiranso ntchito. Mwana akhale ndi kope lake la ntchitoyi, ndipo adziwe pangano: akamaliza za pa bolodi n'kukhoza, atenga khadi mwakachetechete osadikira chilolezo. Ngati alipo awiri kapena atatu otere, ndi bwino akhale pamodzi, chifukwa mkangano wa pakati pawo ngati 64 kapena 72 ndiye wolondola umaphunzitsa kuposa kuchonga kwa mphunzitsi.

Pali zizindikiro zodziwira ngati khadi lili pa mlingo wake. Mwana akalibweza pasanathe mphindi zitatu, kope lili loyera popanda pofufuta, khadilo n'lophweka. Akangoliyang'ana osalemba kanthu, kenako n'kupempha kupita kuchimbudzi, n'lovuta kwambiri kapena mawu ake samveka, ndipo akufunika poyambira, monga kumuuza kuti ayale kaye khola limodzi lililonse. Khadi loyenera limabwera ndi kope lofufutidwafufutidwa komanso funso la mwanayo, monga lakuti zikanakhala bwanji khola likanakhala lozungulira.

Cholakwika chachikulu ndi kupereka khadi n'kuliiwala. Mwana akaona kuti ntchitoyo palibe amaiyang'ana, amadziwa kuti angomuchotsa panjira, ndipo sabata yachitatu bokosi limakhala losatsegulidwa. Mphindi zitatu Lachisanu, pamene mwanayo akufotokoza pa bolodi zimene wapeza, n'zokwanira, ndipo ana ena amayamba kulakalaka makadiwo. Chinanso n'chakuti makadi asaikidwe malikisi olowa pa lipoti, chifukwa mwana wozolowera 100 amakana ntchito imene ingamutsitse.

Makadi nawo ali ndi polekezera. Mwana amene akumaliza makadi onse mosavutika, pa masamu ndi pa maphunziro ena omwe, telemu ziwiri zotsatizana, vuto lake laposa mphindi zotsala za phunziro. Pamenepo mphunzitsi wa kalasi, mphunzitsi wamkulu ndi makolo ayenera kukhala pansi n'kukambirana ngati mwanayo azikaphunzira masamu ndi kalasi yapamwamba pa nthawi ya masamu, n'kubwerera kwa anzake a msinkhu wake pa maphunziro ena, ndipo agwirizane zodzaunikanso pakatha telemu imodzi.