Lachisanu la NFP si tsiku lamalipiro

Mpunga ukagulitsidwa ku Tembwe, ife a m'tauni timayamba kuimbira kumudzi pafupipafupi. Kale tinkapempha thumba limodzi kuti litumizidwe pa basi yochokera ku Chama. Manje ena mwa ife akupempha ndalama yeniyeniyo, ati aiike pa golide Lachisanu loyamba la mwezi, ibereke dzuwa lisanalowe. Ena afika pophunzitsa azing'ono awo kumudzi komweko kutsegula XAUUSD pa foni. Nzeru imeneyi timaitenga kwa ogulitsa masiginolo, amene amatcha tsiku la NFP tsiku lamalipiro. Ife tikuti bodza limeneli lileke, chifukwa limadyetsa thukuta la chaka chonse m'mphindi ziwiri.

Zoona ndi zakuti golide amagwedezekadi pa tsikulo, ndipo ola lake limadziwika kale. Ofesi ya boma la Amereka yotchedwa Bureau of Labor Statistics imatulutsa chiwerengero cha nchito zatsopano, chimene pa kalendala chimalembedwa NFP, kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi. Chapakati pa mwezi imatulutsa CPI, yoonetsa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Zonse ziwiri zimatuluka 8:30 m'mawa ku Washington. Kuno imakhala 14:30 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kuchiyambi kwa Novembala, ndipo 15:30 miyezi inayo, chifukwa anzathuwo amasintha mawotchi awo kawiri pa chaka. Wogulitsa masiginolo amene sanakuuzeni za kusintha kumeneku, mudziwe kuti ngakhale kalendala saiwerenga.

Nanga nchito za ku Amereka zikhudzana bwanji ndi golide? Golide alibe chiwongoladzanja. Ukamusunga, amangokhala. Anthu akamalembedwa nchito mwaunyinji, kapena mitengo ikamakwera msanga, amalonda amaganiza kuti banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, isunga chiwongoladzanja pamwamba. Zikatero ndalama zimathamangira kokongoza boma la Amereka, dola imalimba, ndipo golide amatsika. Manambala akakhala ofooka, zimayenda chobwerera.

Koma chogwedeza mtengo si kukula kwa nambalayo. Ndi kusiyana kwake ndi imene anthu ankayembekezera, ija yolembedwa pansi pa Forecast. Pa 13 Seputembala 2022, CPI inatuluka 8.3 peresenti pamene ambiri ankadikira 8.1, ndipo golide anagwa. Aja ophunzitsa kuti mitengo ikakwera golide amakweranso anangoti kakasi. Pa 10 Novembala chaka chomwecho inatuluka 7.7, yomwe ndi yaikulu ndithu, koma inali pansi pa zoyembekezeredwa, ndipo golide analumpha ndi madola oposa 40 tsiku lomwelo. Ndiye kuti munthu wokuuzani pa 13:00 kuti dinani Buy akudzinenera kuti akudziwa nambala imene sinatuluke. Akanaidziwadi, sakanavutika ndi kutolera ma K200 athu pa WhatsApp.

Tiyeni tiwerenge bwino ndi tsiku lenileni, Lachisanu pa 3 Febuluwale 2023. Akatswiri ankayembekezera nchito zatsopano zosafika 200,000. Pa 15:30 nambala inatuluka 517,000. Golide, amene anali pamwamba pang'ono pa madola 1,900 pa aunsi imodzi, anayamba kugwa nthawi yomweyo, ndipo pofika usiku anali atatsika ndi madola pafupifupi 50.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Tembwe anali ndi madola 100 mu akaunti, ndalama ya mpunga, ndipo siginolo inati Buy. Loti imodzi ya golide ndi maaunsi 100, choncho iye atatsegula 0.10 anagwira maaunsi 10. Mtengo ukasuntha ndi dola imodzi, iye wapeza kapena wataya madola 10. Pa mtengo wa 1,910, maaunsi 10 ndi katundu wa madola 19,100. Kampani yomupatsa 1:500 imangosunga madola 38 ngati chikole, ndipo n'chifukwa chake zimaoneka zotchipa. Makampani ambiri amatseka okha malonda ako ndalama yotsala ikatsika kufika pa gawo lina la chikolecho. Tinene kuti ndi theka, madola 19. Ndiye kuti akangotaya madola 81 basi, zatha. Golide anangofunika kutsika ndi madola 8 ndi masenti ochepa, pa tsiku limene anatsika ndi 50. Ngakhale mtengo ukanabwereranso pambuyo pa ola limodzi, iye anali atatulutsidwa kale.

Apa ogulitsa masiginolo amayankha kuti, ikani Stop Loss. Zimamveka zanzeru, koma sauza anthu mmene chinthucho chimagwirira nchito. Stop Loss si lonjezo la mtengo. Ndi lamulo lakuti mtengo ukafika apa, gulitsa pa mtengo uliwonse umene ulipo. Pa sekondi imene nambala ituluka, mabanki ambiri amayamba achotsa kaye mitengo yawo, ndipo mtengo umadumpha masitepe. Unalemba 1,907, koma amene wapezeka kuti agule ali pa 1,903, ndipo malonda ako atsekedwera pamenepo. Komanso mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, umene masana wamba umakhala masenti chabe, umatha kutambasuka kwambiri pa mphindi imeneyo, mpaka kugunda Stop Loss yako pamene mzere wa pa tchati sunafikepo. Mukafuna kuona ngati zinakuchitikirani, tsegulani History, muyerekeze mtengo umene munalemba ndi umene anakutsekerani.

Ena ochenjera amati aika Buy Stop pamwamba ndi Sell Stop pansi, kuti kulikonse kumene golide apite amugwire. Vuto ndi lakuti lipoti la nchito silikhala nambala imodzi. Limabwera pamodzi ndi chiwerengero cha osowa nchito, kukwera kwa malipiro, ndi kukonzedwa kwa manambala a miyezi iwiri yapita. Izi zikatsutsana, mtengo umathamangira mbali imodzi n'kutembenuka, ndipo misampha yako yonse iwiri imakugwira iwe mwini.

Ndipo tisaiwale amene tikupikisana nawo. Oyamba kugula ndi kugulitsa nambala ikatuluka ndi makompyuta oikidwa pafupi ndi makina a msika wa CME ku Aurora, kufupi ndi Chicago, ndipo amachita zimenezi sekondi isanathe. Ife tili ndi chala ndi foni. Ku Lusaka komweko netiweki imatijomba, nanga kuchigwa cha Luangwa, kumene munthu amayendayenda kufuna pamene foni igwire? Pamene iye aona kandulo yofiira, phwando latha kale.

Inde, alipo amene amapambana tsikulo, monga alipo amene amapambana pa kubetcha mpira. Zithunzi zawo ndi zimene timaona. Chimene sitiona ndi chakuti ambiri mwa ogulitsa masiginolo amatipatsa linki yawo yotsegulira akaunti, ndipo kampaniyo imawalipira malinga ndi maloti amene ife tatsegula, kaya tapindula kaya tapsa. N'chifukwa chake amakonda tsiku la phokoso.

Kalendala imeneyi ndi yaulere, ndipo phindu lake kwa munthu wa madola 100 ndi kumuuza ola loti asakhale ndi malonda otseguka. Wina akabweranso ndi siginolo ya Lachisanu, timupemphe History ya akaunti yake yeniyeni, osati ya Demo, ya masiku 12 a NFP otsatizana, pamodzi ndi masiku amene anapsa. Ndipo timufunse, pamaso pa gulu lonse, kuti kampaniyo imamupatsa zingati pa loti iliyonse ya m'bale wathu wa ku Tembwe.