Malire a masamba asakhale ofanana kwa aliyense

M'maofesi ambiri a ku Blantyre, kuyambira mu Victoria Avenue kudutsa ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe, pakhoma loyandikana ndi pulinta pamatidwa chidziwitso chofanana. Chikunena kuti kuyambira mwezi wamawa makina azisindikiza mbali zonse ziwiri za pepala pokhapokha munthu atasintha yekha, ndiponso kuti wantchito aliyense ali ndi masamba owerengeka pamwezi. Akatha, atha.

Ine sinditsutsana nawo mabwana amene akulemba zimenezi. Mapepala a mu pulinta ndi tona timaitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula katundu wa mu ofesi anamva kuwawa. Chimene chimandivuta n'chakuti zidziwitso zambiri zimalembedwa ndi munthu amene sanakhale pansi n'kuwerengera.

Tiyambe ndi za mbali ziwirizi. Anthu amaganiza kuti mapepala atsika ndi theka. Sizitero. Tiyerekeze kuti nthambi ina imasindikiza masamba 1,000 pamwezi. Mwa amenewa, 400 ndi makalata ndi mainvoisi a tsamba limodzi. Awa adzadyabe mapepala 400, chifukwa kumbuyo kulibe choti chilembedwe. Masamba 300 ndi zikalata 100 za masamba atatuatatu, ndipo chilichonse chidzafuna mapepala awiri, onse pamodzi 200. Otsala 300 ndi lipoti la masamba 30 lopita kwa anthu khumi a mumsonkhano, ndipo apa pokha ndi pamene theka likwanira: mapepala 150. Mukaphatikiza mupeza 750. Mwapulumutsa mapepala 250, theka la rimu imodzi, pakuti mu rimu mumakhala 500. Si zochepa ayi, koma ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, osati theka lomwe bwana analonjeza ku bodi.

Nanga tona? Sanapulumuke ngakhale pang'ono. Masamba anali 1,000 ndipo akadali 1,000, angosanjikizana. Opanga tona akamalemba pakatoni kuti isindikiza masamba akutiakuti, amawerengera tsamba lodetsedwa pafupifupi 5 peresenti yokha, ngati kalata yaifupi. Tsamba lokhala ndi chizindikiro cha kampani chachikulu, mizere yakuda ndi chithunzi limadya kuposa pamenepo. Ofesi yomwe ndalama zake zikuthera pa tona ikangokhazikitsa lamulo la mbali ziwiri n'kusiyira pomwepo, idzadabwa kumapeto kwa chaka.

Palinso timavuto ting'onoting'ono timene chidziwitso chabwino chiyenera kutchula. Pakompyuta pamabwera mawu awiri, `Flip on long edge` ndi `Flip on short edge`. Oyambawo ndi a chikalata choimirira chomwe mumatsegula ngati buku. Mukasankha molakwika, tsamba lakumbuyo limatuluka chadodolido, munthu n'kusindikizanso zonse, mapepala n'kuwirikiza. Komanso pepala loti lisindikizidwe mbali ziwiri limabwereranso m'makina n'kutembenuzidwa, choncho likakhala lopyapyala kapena lamwa chinyezi, monga zimachitikira nyengo ya dzinja rimu ikasiyidwa yotsegula, limapindika n'kutsamwitsa pulinta. Mukaona mapepala akutuluka opotoka kapena akukanirira pamalo amodzimodzi kumbuyo kwa makina, yambani mwayang'ana kumene mumasunga mapepala musanaitane wokonza.

Ndiye pali zikalata zosayenera kulowa m'lamuloli n'komwe. Mapepala a malipiro akatumizidwa onse pakamodzi, malipiro a munthu wina amakatera kumbuyo kwa pepala la mnzake. Ofesi ina imene ndinagwirako ntchito zinachitikadi, ndipo mwezi umenewo anthu anadziwana mitengo. Chimodzimodzi makalata opita kwa makasitomala osiyanasiyana, ndi mafomu amene kumene akupitako amafuna mbali imodzi. Chidziwitso chitchule zimenezi mayina, osangoti "kupatula pofunika".

Koma nkhani yaikulu ili pa malire a masamba. Njira yophweka, imenenso ndi yaulesi, ndi kutenga nambala imodzi, tinene 300, n'kupatsa aliyense. Kalaliki wa kumaakawunti, amene masiku omaliza a mwezi amatulutsa mainvoisi, mavocha ndi zikalata za msonkho zoti zisungidwe m'mafayelo, 300 yake imatha ntchitoyo isanafike pakati. Dalaivala ndi mesenjala, omwe mwina sasindikiza n'kamodzi komwe, ali nayonso 300 yomweyo yongokhala. Chotsatira chake mukuchidziwa kale: "Achimwene, tandibwerekeni nambala yanu yachinsinsi, ndidzakuonani pa nkhomaliro." Pakutha pa miyezi iwiri lipoti la makina likuonetsa kuti mesenjala ndiye katswiri wosindikiza pa ofesi yonse, ndipo nambala zimene munkafuna kuti zikuuzeni zoona zasanduka bodza.

Chonsecho njira yabwino ili pafupi. Mapulinta akuluakulu a m'maofesi amasunga chiwerengero cha masamba onse amene atulutsa, ndipo ambiri amatha kugawa chiwerengerocho potengera nambala ya munthu kapena ya nthambi. Perekani manambalawo kaye popanda malire, dikirani miyezi iwiri kapena itatu, kuphatikizapo mwezi wotanganidwa monga wotseka mabuku, kenako onani kuti ndani amasindikiza zingati. Malire aikidwe pa nthambi, kuchokera pa zimene mwaonazo, ndipo mkulu wa nthambiyo akhale ndi mphamvu yowonjezera tsiku lomwelo. Ntchito isaime chifukwa woti asaine wapita ku Lilongwe.

Chidziwitsocho chinenenso momveka chimene chikuwerengedwa. Makina ambiri amawerenga mbali iliyonse yosindikizidwa ngati tsamba limodzi, kotero pepala lolembedwa uku ndi uku limachotsa awiri pa malire anu. Wantchito amene sanauzidwe zimenezi amaona ngati akuberedwa. Nanga fotokope ikuwerengedwa? Nanga tsamba la mitundu, lomwe mtengo wake ndi wokwera kwambiri, likuchotsa angati? Otsala mwezi uno apitirira mwezi wamawa, kapena afera pomwepo? Akamafera pomwepo, musadabwe kuona mzere pa pulinta tsiku lomaliza la mwezi.

Tisanamizanepo, enafe tikudandaula pa zifukwa zina. Pulinta ya ku ntchito yakhala ikusindikiza mapepala akale a mayeso a MSCE a mwana wa ku Chilomoni, ndondomeko ya chinkhoswe cha ku Bangwe, nyimbo za kwaya, ngakhale makalata ofunsira ntchito kwina. Ndani sanachitepo? Koma kubisa nkhani imeneyi m'mawu oti "kugwiritsa ntchito bwino zipangizo" sikuthandiza. Bwana anene poyera: zaumwini n'zoletsedwa, kapena n'zololedwa masamba angapo, kapena munthu alipire monga amalipirira pa malo a fotokope m'tauni. Anthu akuluakulu amamva akauzidwa mosapita m'mbali.

Ndipo lamulolo likwere masitepe. M'maofesi ambiri muli kapulinta kapadera m'chipinda cha bwana, kosalumikizidwa ku chiwerengero chilichonse, komwe nthawi zambiri tsamba lake limadula kuposa la makina aakulu a pakhonde. Bwana yemweyo ndi amene amauza sekilitale kuti amusindikizire imelo iliyonse kuti aiwerenge, komanso amafuna aliyense apeze mulu wake wa lipoti pamsonkhano, chonsecho onse analandira kale pa foni.

Inu amene mukulemba chidziwitso sabata ino, musanachimate pakhoma onetsetsani kuti dzina la bwana wamkulu lili pa mndandanda wa malirewo, ndi nambala yake pambali.